Ndinaphika Ndine, Mlandu Unagwera Alamu

1

Bambo anga anamwalira Lachiwiri m'mawa, patangopita masiku atatu chidyereni nyama imene ndinaphika ine. Papita zaka zisanu ndi ziwiri tsopano. Pa zaka zonsezi, mukanafunsa aliyense wa m'banja mwathu, akanakuuzani mosaphethira kuti anawapha ndi mpongozi wawo, mkazi wa achimwene anga.

Nthawi imeneyo ndinali ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi. Ndinkakhala kwa achimwene ndi alamu, ndipo ndinkagwira ntchito kukhitchini ya lesitilanti ina. Kunyumba ndinkanena kuti ndine wophika. Zoona zake, pa miyezi isanu ndi itatu yonseyo ntchito yanga inali kusenda mbatatesi, kudula anyezi, kukwecha mapoto ndi kutsuka mathireyi. Wamkulu wa khitchini, amene tonse tinkangowatchula kuti Ashefu, sankalola kuti ndiyandikire moto.

“Maso kaye,” ankatero. “Manja pambuyo.”

Bambo ntchito yangayo sankaiwerengera. Anali dalaivala wa magalimoto akuluakulu onyamula katundu, munthu wa mawu ochepa koma obaya. Ndi iwo anandipatsa dzina loti Kachipande.

“Anzako akugwira chiwongolero, iwe ukulira ndi anyezi,” ankatero. “Kachipande, ndinalakwa chiyani ine?”

Winanso amene ankalawa lilime la bambo anali alamu. Anali telala, mayi wofatsa, ndipo anali atakhala pabanja zaka zisanu popanda mwana. Tsiku lina tikudya, bambo anauza achimwene pamaso pa tonse kuti, “Galimoto ikakana kulira, munthu umayang'ana ina.” Azakhali, mlongo wawo wa bambo, anaseka mpaka kutsamwa. Alamu anangotola mbale n'kupita kukatsuka. Madzulo ake ndi iwo amene anandisokera epuloni yanga yoyamba.

Bambo atapuma pantchito, amayi anaganiza zoitana abale onse Loweruka lina kuti tidzadyere limodzi. Anthu makumi anayi. Akukambirana za wophika, pakamwa panga panatseguka pokha.

“Nyama ndiphika ndine.”

Bambo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

“Chabwino. Koma umve: zaka makumi atatu ndi zinayi ndakhala ndikudya zogona m'mapoto a m'mbali mwa msewu. Tsiku limenelo ndikufuna chakudya cha tsiku lomwelo.”

“Ndidzadzuka folo koloko,” ndinatero.

2

Ndikuuzeni mmene ndinaphikira, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo.

Nyama inali makilogalamu khumi ndi awiri, ya ng'ombe, ya pamwendo ndi pachifuwa, yolimba yofuna moto wautali. Poto ndinabwereka kuntchito, chimpoto chachitsulo chopyapyala pansi, chachitali kufika m'mawondo. Ndinayatsa makala pambaula yaikulu kuseri kwa nyumba ya achimwene.

Ndinali nditaonapo Ashefu akuchita zimenezi kambirimbiri. Amapukuta nyama kuti iume, amaiwaza mchere ndi ufa wa tirigu pang'ono, kenako amaikazinga m'mafuta otentha pang'onopang'ono, zidutswa zochepa nthawi imodzi, mpaka zifiire. Ine chifukwa cha phuma ndinakhuthulira theka lonse m'poto kamodzi. Mafuta anazizira, nyama inatulutsa madzi, m'malo mofiira inangotuwa ngati nsanza. Ufa uja unasanduka phala n'kutsikira pansi.

Ndinadzilimbitsa mtima. Ndinathira nyama yotsalayo, anyezi, adyo, tomato wosenda, madzi mpaka kumiza zonse. Pamenepa Ashefu amachepetsa moto kuti msuzi uzingonyeng'enya, osati kubwata. Ine ndinaona kuti patha maola awiri nyama ikadali ngati tayala, ndiye ndinawonjezera makala n'kukupiza.

Fungo ndi limene linandiuza. Kafungo kowawa, kobisala pansi pa fungo lokoma. Ndinalowetsa mthiko mpaka pansi ndipo ndinamva kuti pagwira, pali chikhakha chokhuthala. Poto anali atapserera.

Chinthu chimodzi chokha ndinachikumbukira bwino: chakudya chikapserera usakande pansi, chifukwa ukakanda, kuwawa konse kumakwera m'mwamba. Choyenera n'kutunga zapamwamba mosamala n'kuziika m'poto wina. Koma poto wina wamkulu chotero ndinalibe. Ndinaphula makala ambiri, ndinasiya kamoto kochepa, ndinaponyamo karoti ndi mbatatesi, osavundulanso. Patatha maola ena awiri nyama inafewa mpaka kumasiyana yokha ukaikanikiza ndi supuni. Ndinalawa msuzi wapamwamba. Unali wokoma. Kautsi kanalimo, koma kakutali, konga kadala.

Ndinakhala pansi n'kupukuta thukuta. Ndinkaona ngati ndapulumuka.

3

Loweruka cha m'ma leveni achimwene anabwera ndi galimoto kudzanditenga. Iwo ndi alamu anali atapita kwa makolo m'mamawa kukakonza mipando ndi kuphika mpunga. Tinanyamula potoyo anthu awiri, wina khutu ili wina khutu ilo.

“Wathira miyala?” achimwene anaseka. “Koma kununkhira kokhako, mng'ono wanga, lero mdala atseka pakamwa.”

Pabwalo panali podzaza. Amalume, azisuweni, anzawo a bambo a pamsewu, ana akuthamangitsana pakati pa mipando. Tinayamba kudya cha m'ma thuu. Ndinaima pa poto ndekha ndi chipande, kugawira aliyense, osalola wina kutunga.

Mbale ya bambo anabwera nayo alamu. Mano a bambo anali atatha, ndiye alamu anatenga mbaleyo n'kulowa nayo kukhitchini kukaphwanya nyama ndi foloko. Anaipereka atagwada. Azakhali ankayang'ana.

Bambo anadya. Anamaliza, anatumizanso mbale. Anamalizanso, anatumiza kachitatu. Amayi anawakumbutsa za shuga wawo ndi mankhwala a kuthamanga kwa magazi, iwo anangokweza dzanja. Kenako anagogoda tebulo ndi supuni.

“Kachipande, tabwera kuno.”

Ndinapita.

“Anthu inu, ndadya m'malo ambiri. Nyama ngati iyi sindinaidyepo. Mwana uyu ndinkamunyoza.” Anandigwira pamkono. “Waphika, mwana wanga.”

Anthu anawomba m'manja. Amayi anapukuta misozi ndi nsonga ya nsalu. Aka kanali koyamba bambo kunditchula mwana wawo pagulu.

Ndikubwerera pa poto ndinamva azakhali akufunsa alamu, “Nanga inu apongozi, mpunga ndi kabichi basi? Nyama ya alamu anu mwaikana?”

“M'mimba simuli bwino, azakhali.”

“Hmm,” anatero azakhali.

Anthu asanabalalike n'komwe, ndinakokera poto kumpopi. Zotsala ndinataya m'dzenje, chikhakha ndinachipala ndi mpeni, ndinakwecha mpaka chitsulo kuwala. Amayi anandiyamikira kuti ndine waukhondo.

4

Kunja kukucha Lamlungu, mafoni anayamba kulira. Amalume, azisuweni, anzawo a bambo, nyumba iliyonse nkhani imodzimodzi: m'mimba kupota ngati wina akufinya chovala, ndi kutsegula kwa madzi okhaokha. Kusanza kunali kochepa, thupi silinkatentha. Achimwene ankangosinthana ndi chitseko cha kuchimbudzi. Inenso ndinagona chopindika pamphasa, ndikubuula.

Alamu okha ndi amene anali chilili. Anatiwiritsira madzi, anasungunulamo mchere ndi shuga, kenako anathamangira kwa makolo kukasamalira apongozi awo.

Pofika Lolemba m'mawa ambiri anali atayamba kupeza bwino. Bambo ayi. Anakana kupita kuchipatala Lamlungu lonse, akuti mwamuna sagonekedwa chifukwa cha m'mimba. Madzi ankakana kumwa poopa kudzukadzuka, koma mapiritsi awo a masiku onse ankamwabe. Lolemba masana anasiya kukodza, maso analowa, anayamba kuitana anthu amene anamwalira kalekale. Tinawanyamula.

Adokotala anali mayi wachikulire wovala magalasi. Atawaika diripi, anatiitanira pakhonde.

“Thupi lawo lauma kwambiri, ndipo impso zawo zinali zofooka kale ndi shuga. Tiyesetsa. Mwati mwadwala anthu angati?”

“Oposa makumi atatu,” anatero achimwene.

“Anaphika ndani?”

Onse anandiyang'ana.

“Inu ophika, nyamayo munaphika liti? Inagona?”

“Ayi. Ndinaphika Loweruka lomwelo m'mawa.”

“Yatsalako kuti tiiyeze?”

“Inatha yonse.”

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi kwa kanthawi, kenako analemba zinazake n'kulowa. Bambo sanatsitsimuke. Lachiwiri, dzuwa litangotuluka, namwino anatseka makatani kuzungulira bedi lawo.

5

Titaika maliro, azakhali anaitanitsa banja lonse pabalaza. Mipando imene tinakhalira paphwando inali isanabwezedwe n'komwe.

“Ine sindizungulira,” anayamba. “Tonse tinadya, tonse tinadwala. Munthu mmodzi yekha sanadye. Munthu yemweyo ndi amene analowa ndi mbale ya achimwene anga kukhitchini, yekha, katatu. Munthu yemweyo ndi amene anali ndi chifukwa. M'poto anangowazamo pang'ono kuti tisokonezeke, zambiri anathira m'mbale.”

Alamu anali atakhala pansi pafupi ndi chitseko. Anakweza mutu pang'onopang'ono.

“Azakhali, mukuti ndinapha apongozi anga?”

“Mwanena nokha.”

“Ndinawasambitsa ndi manja angawa Lamlungu lonse.”

“Mfiti imalira kwambiri pamaliro.”

Achimwene anayang'ana pansi. Alamu anawayang'ana, kuyembekezera. Kenako alamuwo anatembenukira kwa ine.

“Alamu, ndakhala chete masiku onsewa kudikira kuti munene nokha. Auzeni. Nyama ija munaphika Lachisanu. Ndinakupezani.”

Amayi anandiyang'ana ndi maso otupa.

“Mwana wanga, n'zoona?”

Ndinamva dzanja la bambo pamkono panga, pamene anandigwira paja. Ndinaona azakhali, amalume, achimwene, onse akudikira.

“Alamu akunama,” ndinatero. “Ndinaphika Loweruka. Inenso ndinadya, inenso ndinadwala. Achimwene anandiona.”

“Ndinamuona,” anatero achimwene, mawu ali pansi.

Alamu sanakuwe, sanalire. Anangondiyang'ana ngati munthu amene akuwerenga chikwangwani cha chilankhulo chachilendo. Kenako anatembenukira kwa amuna awo.

“Sindinadye nyama chifukwa fungo lake limandichititsa nseru. Ndili ndi pakati, miyezi iwiri. Ndinkafuna ndikuuzeni phwando likatha.”

Azakhali anawomba m'manja kamodzi.

“Zaka zisanu kulibe, lero mlandu wafika mimba yapezeka! Ngati ilipodi, akafunse mwini wake, si ya mwana wathu.”

Kupolisi sitinapite, amayi anakana kuti mtembo wa amuna awo ufukulidwe. Chilango chinali china. Pofika Lachisanu alamu anali atanyamula makina awo osokera ndi masutikesi awiri. Amene anawathandiza kukweza makinawo pagalimoto ya hayala ndinali ine.

6

Tsopano ndikuuzeni zimene ndinalumpha.

Alamu sananame. Zonse ndafotokoza zija, kukazinga, kupserera, kulawa, zinachitika Lachisanu. Ndinali ndisanaphikepo poto ngati ameneyo, ndipo ndinkaopa kuti ndikayamba Loweruka m'mawa n'kulakwitsa, sipadzakhala nthawi yokonza. Achimwene ndinawauza kuti nyama ili mufiriji ya kuntchito. Iwo atapita ku ntchito yawo, ndinayatsa moto.

Cha m'ma fayifi madzulo alamu anabwera msanga kuchokera kushopu. Atangomva fungo anagwira pakamwa n'kuima patali.

“Alamu, si mawa kodi?”

“Chonde musawauze achimwene. Akauza bambo.”

Anaseka pang'ono. “Sindinena. Koma musaisiye m'chimpoto chimenecho. Igaweni m'mabeseni ang'onoang'ono, izizire msanga, muike mufiriji. Zakumwa zili mmenemo tulutsani.”

“Ndichita zimenezo.”

Analowa kukagona, mutu ukuwapweteka. Ine ndinaganiza: ndikaika mufiriji, achimwene akatsegula aona. Ndinaganizanso kuti chinthu chimene chawira maola anayi chilibe kachilombo kamoyo, ndipo chikakhala chotentha ndiye bwino kwambiri. Ndinavundikira poto, ndinamukokera m'kachipinda kosungiramo katundu, ndinamukulunga ndi mabulangete awiri, pamwamba n'kuikapo makatoni. Inali nyengo yotentha. Anakhala mmenemo kuyambira sikisi madzulo mpaka naini m'mawa.

Loweruka, achimwene ndi alamu atachoka, ndinavundukula. Mafuta anali atayandama pamwamba. Ndinapisa chala pakati: munali mofunda ngati mkaka wa mwana. M'mbali munkatuluka tithovu ting'onoting'ono, kamodzikamodzi, popanda moto pansi. Ndinanunkhiza. Nyamayo siinkanunkha kusasa ngakhale pang'ono. Koma tithovu tija tinandiopsa.

Ndikanaiwiritsa mpaka kubwata ponseponse, ndikuvundula, mwina bwenzi bambo ali moyo. Koma pansi panali chikhakha chija. Moto waukulu ukanachipsereza kawiri, kuvundula kukanachikweza, ndipo anthu makumi anayi akanalawa makala. Ndiye ndinaika poto pa kamoto kofatsa kwa ola limodzi, osavundula, mpaka m'mbali mwatentha ndipo nthunzi yayamba kuoneka pamwamba. Pakati sipanawire. Ndinawazamo masamba onunkhira atsopano kuti izioneka ya lero. Kenako inakakhalanso pabwalo maola ena atatu.

Ndipo nachi chimene chimandilepheretsa kudzikhululukira. Ine sindinadye. Ndinadziikira m'mbale, ndinayendayenda nayo, ndinakaisiya kuseri. Mtima unkandiuza kuti pali chinachake, ndipo ndinadziteteza ndekha, uku ndikudzazira bambo anga mbale yachitatu. Kubuula kwa Lamlungu kuja kunali sewero. Ndinkalowa m'chimbudzi, kukhala pachivundikiro, kuwerenga mpaka handiredi, n'kugujumula madzi.

7

Patatha chaka Ashefu anandilola kuphika nyama yamsuzi ya lesitilanti. Itapsa, anandiimika pambali pa mathireyi aja ndinkatsuka tsiku ndi tsiku.

“Ukudziwa ntchito yake?”

“Kuti zikwane mufiriji.”

“Chitsiru. Tamvera. Mu nyama muli tizilombo tina timene timadzitsekera m'tizikopa tolimba ngati njere. Kuwiritsa sikutipha, kumangopha anzawo n'kutisiyira malo. Chakudya chikamazizira pang'onopang'ono, chikafika pofunda, njerezo zimaswa. Pakati pa poto wamkulu palibe mpweya, ndipo n'zimene timakonda. Kamodzi kamasanduka tiwiri pa mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu. Werengera wekha usiku wonse. Ndipo nthawi zambiri sizinunkha, sizisasa, lilime silingakuuze. N'chifukwa chake timathira m'mathireyi osazama kupitirira zala zinayi, timawakhazika pa ayisi, osavundikira mpaka nthunzi ithe, ndipo pasanathe maola awiri akhale atalowa mufiriji. Mawa potenthetsa, ibwate mpaka pakati, ukuvundula. Ukasiya poto wotere kuti agone, wapha munthu. Wamva?”

Ndinathamangira panja n'kukasanza m'ngalande. Ashefu anaganiza kuti ndi kutentha kwa khitchini.

Mpaka tsiku limenelo ndinkadzinamiza kuti mwina sinali nyama yanga, mwina unali mpunga, mwina madzi, mwinanso azakhali ankanena zoona. Kuyambira pamenepo ndinalibenso pobisala. Komabe ndinakhala chete zaka zina zisanu ndi chimodzi. Ndinakwera, ndinakhala wachiwiri kwa Ashefu, kenako khitchini yangayanga. Anyamata anga amandidziwa kuti pa nkhani ya mathireyi ndine chilombo. Achimwene anakwatiranso, banja silinalimbe, anayamba kumwa. Amayi ankati akandiona, “Bola bambo ako anapita atalawa dzanja lako.”

8

Mwezi wathawu ndinapita kutauni ina kukagula mayunifolomu a antchito anga. Anandilozera shopu ya telala kuseri kwa msika. Pakhomo panali kamtsikana ka zaka zisanu ndi chimodzi, kakusanja mabatani m'chivundikiro cha botolo. Katakweza nkhope, ndinaima pomwepo. Mphumi, makutu otuluka, kampata ka pakati pa mano: achimwene enieni.

Mkati makina anasiya kulira.

“Mwabwera kudzasoketsa, kapena mwasochera?” anatero alamu.

Anali ataonda, tsitsi litayamba imvi. Ndinagwada pasimenti, pakati pa zidutswa za nsalu.

“Alamu, ndinanama.”

“Ndikudziwa. Ndinalipo.”

“Ndikhululukireni.”

Anatuma mwana kukagula ulusi. Atachoka, anayankhula osakweza mawu.

“Mukudziwa kuti nkhani inanditsatira? Kumene ndinayamba kukhala, amayi ankaletsa ana awo kulandira ngakhale switi kwa ine. Ndinasamuka kawiri. Ndinabereka ndekha, wondidikirira panja panalibe. Ndinawalembera achimwene anu makalata atatu, ndi chithunzi cha mwana. Anabweza osatsegula. Mwanayu amandifunsa kuti bambo ake analakwiridwa chiyani.” Anapinda nsalu imene inali pamakina. “Inenso ndili ndi changa. Ndinakusungirani chinsinsi Lachisanu lija, ndipo m'mawa mwake sindinatsegule firiji kuti ndione. Chimenecho ndimagona nacho. Koma zinazo ndi zanu. Dzukani, mukudetsa thalauza. Kugwadira ine n'kosavuta, kuno kulibe amene akukudziwani. Pitani mukanene pabalaza pomwe paja.”

Ndinapita Lamlungu lotsatira. Ndinaitana amayi, achimwene, azakhali ndi amalume. Ndinanena zonse monga ndakuuzirani inu, mpaka za kuchimbudzi zomwe.

Azakhali anati ndalodzedwa, mkazi uja wandidyetsa. Amayi anadzuka, analowa kuchipinda, anakhoma chitseko. Mpaka lero foni yanga sayankha.

Achimwene anakhala nthawi yaitali akuyang'ana manja awo. Ndinkayembekezera chibakera, ndipo ndinkachifuna.

“Ndi mtsikana kapena mnyamata?” anafunsa.

“Mtsikana.”

“Amapita kusukulu?”

“Sindinafunse.”

Anatulutsa cholembera m'thumba, anatembenuza envulopu yakale, n'kundikankhira.

“Lemba pamene pali shopuyo. Ukatero utuluke. Usadzanditchulenso achimwene.”

Ndamva kuti anapitako kawiri. Ulendo woyamba alamu sanawatsegulire. Wachiwiri anawalola kukhala pabenchi panja kwa theka la ola, mwana akuwayang'ana chapatali. Zoti adzabwererana, palibe akunena.

9

Owerenga anzanga, sindinalembe izi kuti mundimvere chisoni. Amene ali oyenera chisoni mwawaona.

Poto kupserera si tchimo, wophika aliyense zinamuchitikirapo. Ndikanangonena Lachisanu lija kuti zandivuta, alamu akanabwereka mapoto kwa aneba, bambo akanandiseka mwezi umodzi, basi. Ndinaopa kusekedwa, ndiye ndinabisa. Nditabisa ndinayenera kunamiza adokotala, nditanamiza adokotala ndinayenera kupereka munthu yekhayo amene ankandikomera mtima m'nyumba imene ija. Palibe tsiku limene ndinadzuka n'kunena kuti lero ndichita choipa. Ulendo uliwonse ndinkangosankha chimene chinali chopepuka pa ola limenelo.

Inu amene mumaphikira anthu ambiri, paukwati, pamaliro, pamsonkhano: chakudya chotsala kapena chophikiratu chigaweni m'ziwiya zosazama, chizizire msanga, ndipo potenthetsa chibwate mpaka pakati. Mphuno musaikhulupirire.

Ndipo inu amene mukudziwa kuti kwinakwake kuli munthu amene akusenza mlandu wanu, musadikire kuti mulimbe mtima, mtima sulimba. Ine ndinadikira zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo pamene ndinkadikirapo mwana anaphunzira kuyenda, kuyankhula ndi kulemba dzina lake popanda bambo. Choonadi ndachinena, koma zakazo palibe amene angamubwezere.